Ndowa za Abale pa Chigayo cha Achemwali

Alamu anga atamwalira, achemwali anga aakulu anatsala ndi ana atatu, munda umodzi wa m'mphepete mwa mtsinje ndi ng'ombe zinayi. Ng'ombezo ndi zimene zinali banki yawo. Mwana akadwala kapena fizi ikafunika, ankayang'ana kukhola n'kupeza mtima. Lero m'kholamo muli ziwiri mwa zinayi zija pamodzi ndi ana azo, ndipo ndikafika kwathu ku Chifunga sinditha kudutsa pakholapo popanda kukumbukira kuti masamu amene anachotsa zinazo analembedwa ndi dzanja langa.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikugwira ntchito yosunga mabuku a ndalama pa sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Neno boma. Ndili ndi dipuloma ya zamalonda, ndipo m'banja mwathu monse ndine ndekha amene ndinafika pamenepo. Nkhani iliyonse yokhudza manambala imafikira kwa ine. Choncho achemwali atamva kuti chigayo cha dizilo cha pamsika wathu chikugulitsidwa, anakwera njinga yamoto n'kudzandipeza kuntchito.

Mwini chigayocho anali bambo wachisilamu, wobwera, amene anakhala kwathuko zaka zambiri koma tsopano ankafuna kubwerera kwawo chifukwa cha ukalamba. Ankafuna K4,000,000 pa injini, chigayo ndi kanyumba kake. Achemwali anali ndi K1,000,000 ya nandolo ndi ya mbuzi zimene anagulitsa. Bungwe lina lobwereketsa ndalama linali litavomera kuwapatsa K3,000,000 yotsalayo ngati angaike ng'ombe zinayi zija kukhala chikole.

“Achimwene, ine manambala sindiwadziwa,” anandiuza. “Mukanena kuti toto, ndibwerera kumunda kwanga. Mukanena kuti eya, ndikadinda chala. Koma ng'ombe za bambo a ana angawa zisapite.”

Ndinawauza kuti sindiyankha chilichonse ndisanaone mabuku.

Loweruka lotsatira ndinapita kukakhala ndi mwini chigayoyo. Anatulutsa makope anayi a ana asukulu, oyera ndi ufa m'mphepete, mmene munali zaka ziwiri zathunthu. Tsiku lililonse ankalemba ndowa zimene zagayidwa, ndalama zimene zalowa ndi dizilo amene wathiridwa. Lachisanu lililonse manambala ankatsika chifukwa masana ankatseka kupita kumzikiti. Ndinawonkhetsa masamba onse ndekha, ndipo ndinasankha masiku angapo kuti ndione ngati dizilo akugwirizana ndi ndowa. Zonse zinagwirizana. Bambo ameneyu sananame ngakhale pa tambala imodzi, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke, chifukwa pambuyo pake anthu ena ankanena kuti wobwera anatipusitsa.

Mitengo imene ndikutchula pano ndi ya nthawi imeneyo. Inasintha pambuyo pake, dizilo ndi mtengo wogayitsira zikukwera motsatana, koma kuti nkhani isasokonezeke ndikhala pa mitengo imodzi.

Ndowa imodzi ankagaya pa K500. M'miyezi isanu ndi umodzi yotsatira kukolola, kuyambira Meyi kufika Okutobala, ankagaya ndowa pafupifupi 1,500 pamwezi. M'miyezi isanu ndi umodzi ya mvula ndi njala zinkatsika kufika pa 900. Pakatikati pake panali ndowa 1,200, kutanthauza K600,000 pamwezi. Munthu wosazolowera amaimira pomwepo n'kuyamba kuvina, koma ine ndinaphunzira kuti ndalama yolowa si phindu. Ndowa iliyonse inkadya dizilo wa K150, ndiye kuti K180,000 pamwezi. Malipiro a bambo oyendetsa chigayo, oyilo, malamba, masefa ndi chiphaso zinkatenga K100,000 ina mwezi uliwonse, kaya kwagayidwa zambiri kaya zochepa. Zotsala m'manja zinali K320,000.

Kenako ndinatembenukira ku ngongole. Chiwongoladzanja chinali K3 pa K100 iliyonse pamwezi, kwa zaka ziwiri, ndipo ankachiwerengera pa K3,000,000 yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka wotsiriza, ngakhale kuti ngongoleyo imakhala ikuchepa. Ndinamufunsa mkulu wa kubungweko chifukwa chake munthu azilipirira ndalama imene wabweza kale. Anangoseka n'kunena kuti ndi mmene fomu inalembedwera. Zinandinyansa, koma zinali poyera ndipo ndinaziwerengera: K125,000 ya ngongole yeniyeni ndi K90,000 ya chiwongoladzanja, zonse K215,000 pamwezi. Pakutha pa zaka ziwiri chiwongoladzanja chokha chikanakwana K2,160,000.

Funso loyamba linali lakuti ndalama zonse zibwerera liti. Chigayo ndi chiwongoladzanja pamodzi zinali K6,160,000. Kugawa ndi K320,000 kunandipatsa miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ndi sabata imodzi, ngongole isanathe n'komwe. Funso lachiwiri linali la phindu. Pachaka chigayo chinkasiya K3,840,000. Ndinachotsapo K1,080,000 ya chiwongoladzanja cha chakacho, ndi K400,000 ya kutha kwa makina, poganiza kuti angagwire zaka khumi. Panatsala K2,360,000, ndiye kuti K59 pa K100 iliyonse imene yaikidwa m'chigayo. Ndinayesanso mwezi wa njala pawokha. Ndowa 900 zinkasiya K215,000, ndendende ndalama ya ngongole, popanda chotsala koma popandanso choperewera. Mwezi wa zokolola unkasiya K210,000 pamwamba pa ngongole. Ndinalemba kuti ndalama imeneyo izisungidwa, kuti injini ikadzafa pakhale pogwira.

Tsiku la makope lija ndikutsanzika, eni chigayo aja anandiperekeza mpaka panjira. Anandifunsa ngati achemwali ndi a konkuno. Nditavomera, anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Ine kuno zaka zonsezi palibe amene anandiitanapo kuti amalume.” Ndinaganiza kuti akudandaula za kusungulumwa, ndipo ndinawatonthoza kuti posachedwa akhala pakati pa abale awo.

Ndinauza achemwali kuti eya. Anadinda chala, ine ndinasaina ngati mboni, ndipo mu Meyi chigayo chinalira m'dzina lawo.

Miyezi yoyamba sindinamve dandaulo. Ngongole inkabwezedwa pa tsiku lake. Ndikaimba foni kufunsa ngati akusunga zotsala, ankayankha kuti, “Zikuyenda, achimwene,” ndipo ine ndinkakhutira. Apa ndi pamene ndinayamba kulakwa. Munthu amene anawonkhetsa makope anayi a mlendo sanapemphe kuona kope limodzi la mlongo wake.

Kumapeto kwa Disembala mkulu wa kubungwe uja anandiimbira. Anati ndalama ya mweziwo yaperewera ndi K90,000, ndipo ankafuna kundikumbutsa, monga mboni, zimene zinalembedwa za chikole. Ndinadabwa. Malinga ndi pepala langa, achemwali anayenera kukhala atasunga K1,260,000 ya miyezi ya zokolola. Nditawafunsa, anati zimene anasunga zinali K135,000 basi, ndipo zinathera kukwaniritsa ngongole ya Novembala ndi mbali ya Disembala.

Mu Januwale ndinapempha masiku atatu kuntchito n'kupita kumudzi. Ndinatenga kope lawo n'kuchita zimene ndinachita ndi makope a bambo aja. Dizilo ankanena kuti m'miyezi ya zokolola munagayidwa ndowa 1,500 monga kale. Ndalama zinkanena kuti 1,125. Ndowa imodzi mwa zinayi zilizonse inkadya dizilo koma osasiya kanthu m'bokosi la ndalama. Maganizo anga anathamangira kwa bambo oyendetsa chigayo, munthu wamkulu kwa ine, amene anagwira ntchito ndi mwini wakaleyo zaka zambiri. Ndinapita kuchigayo nditakonzeka kuwachotsa ntchito.

“Bambo, dizilo ndi ndalama sizikugwirizana,” ndinatero. “Mundithandize kumvetsa.”

Anazimitsa injini, napukuta ufa m'zikope. “Kodi abwana, mukuti ndikuba, eti?”

“Sindinatero.”

“Nkhope yanu yatero. Bwerani kuno.”

Ananditengera kuseri kwa chitseko. Khoma lonse linali ndi timizere ta makala, m'magulu asanuasanu, mwezi uliwonse pamzere wake. Anati kamzere kalikonse ndi ndowa ya wachibale imene inagayidwa ulere, ndipo anayamba kulemba okha ataona kuti tsiku lina mlandu udzagwera iwo. Ndinawerenga ya Ogasiti n'kupeza 375. Inali ndendende nambala imene inkasowa m'kope.

Kenako analoza pakona. “Timizere tisanu ndi tinayi iti ndi tanu. Matumba atatu aja munatumiza pa galimoto ya simenti, munati agayidwe kwa achemwali. Kapena ndalama yake munaiwala m'thumba la jekete?”

Ndinatumizadi matumbawo mu Julaye, ndipo sindinaganizeko n'komwe zolipira. Chinali chigayo cha kwathu. Ndinawapepesa bambowo, ndinatulutsa K4,500 n'kuika m'bokosi, ndipo ndinakhala pa benchi la panja tsiku lonse kuti ndione ndi maso anga.

Zimene ndinaona zimandipsetsa mtima mpaka lero. Amayi ena osadziwika kwa ife, ochokera kutsidya la mtsinje, anafika ndi theka la ndowa, namasula pakona ya chitenje, nawerenga timapepala takutha mpaka kukwanitsa K250. Pambuyo pawo panafika amayi athu aang'ono, mng'ono wa malemu amayi athu, ali ndi ndowa zinayi pa ngolo. Sanayang'ane n'komwe kumene kunali bokosi.

“Mwana wanga, uwauze agaye kawiri, ufa wa sabata yatha unali wa misere,” anauza achemwali. “Ndipo madeya anga asasakanize ndi a wina.”

Kunabwera mkazi wa msuweni wathu amene amaphika zigumu zogulitsa pamsika. Kunabwera apongozi a mwana wa amalume, amene ubale wawo ndi ife umafunika kuufotokoza kwa mphindi zisanu. Kunabwera ndowa zitatu zimene zinatchulidwa kuti ndi za azakhali, koma ufa wake unakwezedwa pa njinga ya mnansi wawo amene si m'bale wathu. Bambo oyendetsa chigayo anandinong'oneza kuti azakhaliwo amatenga K200 pa ndowa kwa anansi awo kuti chimanga chidutse m'dzina lawo. Munthu ankachita malonda ndi dizilo wa ngongole ya mayi wamasiye.

Anthu onsewa sanali achilendo pa chigayocho. Anali m'makope anayi aja. Kwa zaka zonsezo ankapereka K500 kwa bambo wobwera popanda kunyinyirika, ndipo ndalama zawo ndi zimene zinapanga K600,000 imene ine ndinamangapo masamu anga. Makope anandiuza zoona za chigayo chimene mwini wake analibe wachibale. Ine ndinatenga manambalawo n'kuwaika pa mayi amene anabadwira pamudzipo, amene munthu mmodzi mwa anayi alionse obwera ndi ndowa akhoza kumutchula kuti mwana wanga, mlamu kapena msuweni. Ndinaganizira za nyengo, za malamba, za kutha kwa injini. Sindinaganizire za amene aimirire pakhomo. Mawu a bambo aja onena za amalume ndinawamvetsa nditakhala pa benchi limenelo.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinakhala ndi achemwali pakhonde n'kuwerengetsanso. Pa ndowa 1,200 zapakatikati, 900 zokha ndi zimene zinkalipiridwa, K450,000. Dizilo sankasankha wachibale, anali K180,000 yomwe ija. Kuchotsanso K100,000, panatsala K170,000, pamene ngongole inkafuna K215,000. Mwezi wa zokolola unkasiya K22,500 yokha pamwamba pa ngongole, ndipo mwezi wa njala unkaperewera ndi K112,500. Miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ija inasanduka zaka zitatu, ndipo ng'ombe sizikanadikira zaka zitatu.

“Bwanji simunandiuze?” ndinafunsa.

“Ndikanakuuzani kuti chiyani? Kuti amayi aang'ono akugayitsa? Amene anandisambitsira mwana woyamba? Amene anagona pamaliro a alamu anu masiku anayi? Inu mumakhala ku boma, achimwene. Ine ndimatunga nawo madzi pa mjigo umodzi.”

Anali ndi mfundo, ndipo sindinaitsutse. Sindinafune kuti chimanga cha pamaliro chizilipiridwa, kapena kuti nkhalamba yopanda woithandiza ibwezedwe pakhomo. Koma ndowa zoterozo pakhoma lija zinali zowerengeka. Zambiri zinali za anthu okhala ndi njinga zamoto ndi malata atsopano.

Ndinaona chinthu chimodzi chimene chinandipatsa chiyembekezo. Kuperewera kwapakatikati kunali K45,000 pamwezi, ndipo dizilo wa ndowa 300 za abale analinso K45,000. Abale akanati azilipira dizilo yekha, K150 m'malo mwa K500, ngongole ikanakwanira pakutha pa chaka. Achemwali sakanapeza phindu lililonse mpaka ngongole itatha, koma chigayo chikanaima chokha. Ndinapita kwa amalume athu, amene ndi mwini mbumba, kukapempha kuti aitanitse abale.

Tinakumana mu Febuluwale, Lamulungu anthu atatuluka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango wa kwa amalume. Apo n'kuti zoperewera zitafika K202,500 ndipo mweziwo unali kudzawonjezera zake. Amalume ndi munthu wanthabwala, wokondedwa, ndipo anatsegula msonkhano moseketsa.

“Khalani chete, a Dipuloma akufuna kutiphunzitsa masamu. Amene sanabwere ndi pensulo abwereke.”

Anthu anaseka, inenso ndinamwetulira. Ndinafotokoza pang'onopang'ono, ndi ndowa yeniyeni patsogolo panga. Ndinati ndowa iyi ikalowa m'chigayo, K150 yapsa, kaya mwini wake ndi ndani. Ndinati mwezi uliwonse achemwali amayenera kupereka K215,000 kubungwe, ndipo akalephera, chikole ndi ng'ombe zinayi zimene nonse mukuzidziwa. Ndinavomera pamaso pa onse kuti inenso ndinagayitsa ulere ndipo ndalipira. Ndinapempha K150 pa ndowa, mpaka ngongole itatha, maliro ndi okalamba osawerengera.

Amayi aang'ono ndi amene anayamba. “Ndiye kuti ine, amene ndinakubereka kumbuyo iwe, ndiziima pamzere ndi ndalama m'manja ngati mlendo?”

“Amayi, kwa bambo aja munkapereka K500.”

“Ameneyo anali mwana wanga? Ameneyo ndinamutafunira chakudya?”

Azakhali anati chigayo chikalowa m'banja ndi cha banja, ndipo iwo sanamvepo mwana akugulitsa ufa kwa makolo ake. Ndinafuna kutchula za K200 ya anansi ija, koma achemwali anandigwira mkono. Msuweni wina anati mwina vuto ndi woyendetsa chigayo. Wina anati wobwera uja analemba manambala abodza kuti agulitse chitsulo chakutha. Aliyense anali ndi womuloza, kupatula ndowa yake.

Amalume anadikira phokoso lithe. “Mphwanga, masamu ako ndawamva, ndipo sindikuwatsutsa. Koma tandiuza, popita kukatenga ngongoleyo munaitana mbumba?”

“Sitinaitane, amalume.”

“Ndiye mwaitana lero kuti tidzabweze nawo?”

“Sitikupempha kuti mubweze ngongole. Tikupempha kuti aliyense agule dizilo wa ufa wake.”

“Ndi chimodzimodzi,” anatero akuseka. “Ubale suyezedwa ndi kakyuleta. Ng'ombe zikapita, zina zidzabadwa.”

Mawu amenewo ndi amene sindinawakhululukire mpaka pano. Ananena munthu amene ali ndi ng'ombe zoposa khumi, ndipo palibe imodzi imene inali pa fomu ya bungwe. Ndinaimirira kuti ndiyankhe, koma achemwali anandipitirira. Sindinawamvepo akulankhula pamsonkhano wa banja chibadwire.

“Amalume, zikomo. Ng'ombezo si za mbumba ino, anasiya ndi bambo a ana anga. Kuyambira mawa ndowa ya wachibale ndi K150. Amene zamupweteka andikhululukire, koma bokosi likhala pakhomo.”

Anatenga ndowa ija n'kunyamuka.

Zimene zinatsatira sindikanazilota. Abale ambiri anasiyiratu kubwera. Ankakweza matumba pa njinga n'kupita ku chigayo china chakutali, kumene ankalipira K500 pa ndowa ndi ndalama ya wanjinga pamwamba, kuti asapereke K150 kwa mwana wawo. Ankadutsa pakhomo pa chigayo chathu nkhope zitayang'ana kumbali. Ankaganiza kuti akulanga achemwali. Pa masamu, kunyanyala kwawo kunali chimodzimodzi ndi kulipira: dizilo amene akanapsa pa ndowa zawo anatsala m'chigubu, ndipo K45,000 ija inasiya kutayika. Koma zimenezi zinandionetsa kuti ndalama anali nazo. Chimene sankafuna ndi kuona mayi wamasiye akuwatambasulira dzanja ngati mwini chinthu.

Kusinthako kunabwera mochedwa. Febuluwale anatha zoperewera zili K315,000. Marichi ndi Epulo ndi miyezi ya njala, ndipo ngakhale popanda ndowa zaulere uliwonse unaperewera ndi K78,750, chifukwa ndowa zolipiridwa zinali 675 zokha. Zonse zinafika K472,500, ndipo bungwe linawonjezera chindapusa cha kuchedwa. Ndinapita kuofesi yawo ndi pepala losonyeza kuti kuyambira Meyi chigayo chizisiya K78,750 pamwamba pa ngongole mwezi uliwonse. Mkulu uja analiyang'ana n'kundifunsa kuti nanga miyezi ya njala yotsatira idzadya chiyani ngati zotsalazo zipita ku zoperewera zakale. Ananena zoona, ndipo ndinkazidziwa. Malipiro anga sakanakwanitsa, ndipo zochepa zimene ndinali nazo ndinali nditapereka kale pokonzetsa pampu ya injini. Panalibe njira ina koma khola.

Bungwe linalola kuti tigulitse tokha ng'ombe ziwiri, mkulu wawo ali pomwepo, m'malo moti adzatenge zonse zinayi. Inali nthawi imene aliyense amagulitsa ziweto kuti agule chimanga, ndipo ogula ochokera ku Lisungwi ankadziwa kuti tili pa changu. Ziwirizo zinapita pa mtengo umene nthawi ya zokolola ukanakhala wa imodzi ndi theka. Achemwali anasankha okha zoti zipite, anasiya zazikazi ziwiri, ndipo pamene zinkakwezedwa pa galimoto analowa m'chigayo n'kuuza bambo oyendetsa chigayo kuti alize injini, ngakhale panali ndowa imodzi yokha.

Chaka chachiwiri chinayenda monga mmene pepala latsopano linanenera. Zotsala za miyezi ya zokolola zinasungidwa, zinalipira miyezi ya njala, ndipo ngongole inatha pa mwezi wake wotsiriza. Ndalama zonse, kuphatikizapo chindapusa, zinabwerera patapita miyezi pafupifupi makumi atatu, osati khumi ndi isanu ndi inayi imene ndinalonjeza. Phindu la K59 pa K100 lija silinaonekepo. Ngakhale m'chaka chachiwiri, kuchotsa chiwongoladzanja ndi kutha kwa makina pa K2,580,000 kunasiya K1,100,000, pafupifupi K27 pa K100, chifukwa ndowa za abale zinali zitapita kwina.

Ndimadziimba mlandu pa ziwiri: kukhulupirira kuti ndalama za kale za chigayo ndi za chigayocho, pamene zinali za munthu amene ankaima pakhomo pake, ndi kukhala miyezi isanu ndi iwiri osapempha kuona kope. Ndikanapita mu Juni, ndikanaona khoma lija likadali ndi mizere iwiri, ndipo khola likanakhala lathunthu. Koma kulakwa kwanga sikuchotsa kwa anthu amene anauzidwa poyera, ndowa ili patsogolo pawo, kuti ng'ombe za ana amasiye zili pangozi, iwo n'kuona kuti K150 yachuluka.

Abale anayamba kubwerera mmodzimmodzi ngongole itatha, ena chifukwa chigayo chakutali chija chinkafa kawirikawiri. Achemwali sanabwezepo aliyense, ndipo sanachotse bokosi pakhomo. Ulendo wanga wapitawu ndinapeza amayi aang'ono atakhala pa benchi lija, ndowa ziwiri pambali pawo. Anandilonjera bwino, nafunsa za ana. Itakwana nthawi yawo, anamasula chitenje, naponya ndalama m'bokosi mwamphamvu kuti aliyense amve, n'kunena kuti, “Ya dizilo wanu iyo, musadzagulitsenso ng'ombe n'kumati ndine.”

Bambo oyendetsa chigayo anaiwerenga, nalemba m'kope, n'kuthira chimanga.